Mmene Anawawongolera Aphunzitsi a Masamu

Nditamaliza maphunziro a uphunzitsi ananditumiza ku Karonga. Ine ndine wa ku Ntcheu, ndipo dzina la bomalo ndinkangolidziwa pamapu omwe tinkajambula m'kalasi. Basi inanditsitsa ku Uliwa dzuwa likuswa mtengo, ndipo kuchokera pamenepo ndinakwera thirakitala yomwe inkapita kusikimu ya mpunga ku Wovwe, nditakhalira sutikesi yanga yachitsulo. Sukuluyo inali kumtunda kwa minda ya mpunga. Inali ndi midadada iwiri ya njerwa, ndipo makalasi ang'onoang'ono ankaphunzirira pansi pa mitengo ya mango. Popeza Chichewa ndi chiyankhulo changa chobadwira, anandipatsa phunziro limeneli m'makalasi akuluakulu, mpaka Sitandade 8.

Ahedi athu anali munthu wonenepa, wa nsapato zonyezimira, wokonda kuyima pakhonde la ofesi atagwira m'chiuno. Pandandanda wa maphunziro dzina lawo linalipo ndithu, koma m'kalasi ankalowamo pokhapokha ngati mvula yayamba ali pafupi ndi chitseko. Masiku ambiri ankapalasa njinga kupita kumsewu kukakwera basi ya ku Boma, ati kukatenga choko. Choko chimenechi ankapita kukachitenga pafupifupi sabata iliyonse, chikhalirecho ife tinkalembera tizidutswa tomwe tinkatola pansi pa bolodi. Luso lawo lenileni linali lolandira alendo. Akamva kuti kukubwera munthu wa ku Boma kapena wa chipani, ana onse ankasiya makope n'kuyamba kupaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira.

Sukuluyo inali ndi mbiri yabwino, koma mbiriyo inabwera ndi munthu wina. Anali aphunzitsi a masamu a Sitandade 8, bambo wa konkuno, wowonda, wa imvi zoyamba kumene. Anali atagwira ntchito zaka zambiri pa giredi yapansi osakwezedwa. Nthawi imeneyo kukhoza mayeso a Sitandade 8 sikunali kokwanira. Malo kusekondale anali ochepa kwambiri, moti sukulu zambiri za kumudzi zinkatha zaka popanda mwana ndi mmodzi yemwe wosankhidwa. Ana ankangobwereza kalasi yomweyo mpaka ena kumera ndevu. Koma pasukulu yathu chaka chilichonse pankapezeka angapo opita kusekondale, ndipo aliyense m'midzi yozungulira ankadziwa chifukwa chake.

Bambowa ankayamba kuphunzitsa belu lisanalire, ndipo masana ena tikaweruka iwo ankatsala ndi ana awo. Loweruka ankawaitananso. Panalibe amene ankawalipira pa zimenezi. Lamulo linali lakuti kuyambira Sitandade 5 tiziphunzitsa m'Chingerezi, ndipo Chitumbuka ndi Chinkhonde zinalibe malo m'kalasi. Iwo ankayamba m'Chingerezi monga mwa lamulo, koma akaona nkhope za ana zauma, ankatembenukira ku Chitumbuka. Ankajambula puloti ya mpunga pabolodi n'kuigawa pakati pa ana a bambo mmodzi, kapena kufunsa kuti ngati anthu atatu awokera puloti m'mawa umodzi, asanu ndi mmodzi atha nthawi yanji. Ana akamva, ankabwerera nawo ku Chingerezi, chifukwa mayeso anali a m'Chingerezi.

Tsiku lina ndinawafunsa kuti mphamvu zimenezi amazitenga kuti.

"Madamu, mudzaona pa tchuthi," anatero m'Chichewa chawo chokoka. "Akabwera aja a kusekondale atavala yunifolomu, amayamba kwa ine asanafike kwawo. Basi. Komanso tsiku lina aboma adzakumbuka kuti kuno kuli munthu."

Chifukwa cha iwo nanenso ndinayamba kutsala masana kuwathandiza anawo kulemba chimangirizo ndi kalata m'Chichewa. Unali mtolo wolemera kwa ana omwe chiyankhulochi ankachimva kusukulu ndi pawailesi pokha, koma ankayesetsa. Munthu ukagwira ntchito pafupi ndi wina woikonda, umachita manyazi kukhala pansi.

Nyumba yomwe sukulu inapatsa aphunzitsi a masamuwo inali yaudzu, ndipo mvula ikagwa ankasamutsa mabuku kuchoka pakona ina kupita pa ina. Makolo anaona zimenezi. Anaumba njerwa, anawotcha, anasonkha mpunga n'kugula malata, ndipo anamanga nyumba ya zipinda zitatu. Wapampando wa komiti ananena poyera pamsonkhano kuti nyumbayo ndi ya aphunzitsi a masamu. Ahedi anaomba m'manja nawo limodzi. Itatha kumangidwa, zitseko zitaikidwa, ahedi anakumbukira kuti pali lamulo lakuti nyumba yabwino kuposa zonse pasukulu ndi ya mkulu wa sukuluyo. Lamuloli sanationetse pomwe linalembedwa. Anasamukiramo, ana a Sitandade 6 atawasenzera mipando. Nyumba yawo yakale anaipereka kwa mphunzitsi wina wachinyamata yemwe ntchito yake yaikulu inali kuphunzitsa ana nyimbo zoyimba pamisonkhano ya chipani, ati chifukwa amasunga ng'oma za sukulu ndipo siziyenera kunyowa.

Aphunzitsi a masamu anangomeza mkwiyo wawo. Anamweta udzu wina n'kufolera denga lawo, ndipo m'mawa mwake anali m'kalasi monga mwa masiku onse.

Chaka cha sukulu nthawi imeneyo chinkayamba nyengo yotentha, mvula isanagwe. Amene sanakhalepo ku Karonga nyengo imeneyi sangamvetse. Pofika pakati pa m'mawa malata ankakhala akulira, malaya atamata kumsana. Ndiyo nthawi yomwe kunabwera woyendera sukulu kuchokera ku ofesi ya maphunziro ku Boma. Ahedi anali atadziwiratu. Miyala inapakidwa, nkhuku inagwidwa, ndipo ife akazi tinauzidwa kuti tione kutalika kwa madiresi athu.

Bwanayo anafika panjinga yamoto, atavala jekete. Anali wamfupi, wa magalasi, ndipo polankhula ankayang'ana pamwamba pa mutu wako ngati kuseri kwako kuli munthu wina wofunika kwambiri. Analowa mu Sitandade 8 n'kukhala kumbuyo. Ine ndinali pakhomo kudikira kuti ndilowe phunziro lotsatira, ndiye zonse ndinaziona.

Aphunzitsi a masamu anali atavula taye n'kuipachika pa msomali wa bolodi, monga ankachitira tsiku lililonse kukatentha. Ankaphunzitsa kugawa zinthu m'magawo osafanana. M'kalasimo munali mtsikana wina wanzeru zedi, mwana wa mlimi wa mpunga, yemwe tonse tinkayembekezera kuti chaka chimenecho atsogolera osankhidwa. Anali wosaopa kufunsa. Anakweza dzanja n'kunena kuti sanamve. Iwo anamufotokozera m'Chitumbuka mwachidule, mtsikanayo anagwedeza mutu, anapita pabolodi n'kulemba yankho lolondola.

Bwana uja anaimirira.

"Aphunzitsi, chimene mwayankhulacho ndi chiyankhulo chanji?"

"Ndimafuna mwanayu amve, bwana."

"Sindinafunse zimene mumafuna. Lamulo mumalidziwa?"

"Ndimalidziwa."

"Ndiye ndinu wamkulu kuposa amene anaika lamulolo?"

Funso lotero masiku amenewo silinali loyankha. Bwanayo anayenda pang'onopang'ono kupita kutsogolo, anachotsa taye ija pamsomali ndi zala ziwiri, n'kuionetsa kwa ana.

"Ana inu, ichi chimavalidwa ndi khoma kapena ndi munthu?"

Palibe anaseka. Bwanayo anapatsa aphunzitsiwo taye ija n'kuwauza kuti avale pomwepo. Bambo wa imvi uja anaimanga m'khosi pamaso pa ana omwe ena mwa makolo awo anawaphunzitsa yekha. Kenaka bwanayo anapempha mapulani a maphunziro, n'kupeza kuti zomwe zinalembedwa sabata imeneyo si zomwe ankaphunzitsa, chifukwa kalasiyo inali itapita kale patsogolo. Ichinso analemba ngati mlandu. Makope a ana sanatsegule ndi limodzi lomwe.

Masana anatisonkhanitsa aphunzitsi tonse n'kutifunsa ngati tili ndi mavuto. Mayi wina wa Sitandade 1 anachita chibwana n'kukhulupirira kuti funsolo ndi lenileni. Ananena kuti ana ndi ochuluka moti sangathe kuona kope la aliyense, buku limodzi amawerenga ana benchi lonse, nyumba zikudontha, ndipo malipiro amachedwa.

"Amayi," anatero bwanayo, "uphunzitsi ndi maitanidwe. Amene anaitanidwa sadandaula. Koma ngati mukuona kuti boma likukuzunzani, nenani bwinobwino ndilembe, ndikapereke koyenera."

Anatulutsa cholembera n'kudikira. Mayiyo anati ayi, palibe vuto. Tonse tinavomereza kuti palibe vuto. Atatero bwana woitanidwa uja anapita kunyumba yamalata ija kukadya nkhuku. Podutsa pawindo ndinawamva iwo ndi ahedi akuseka, akucheza m'Chitumbuka chosalala bwino. Anali wa kumpoto komweko. Chiyankhulocho chinali choipa pophunzitsira mwana masamu, koma popempha mwendo wina wa nkhuku chinalibe vuto.

Mvula itayamba kunabwera nkhani ya kukwezedwa pa ntchito. Aphunzitsi a masamu anali atayembekezera nthawi yaitali, ndipo ulendo uno ankakhulupirira kuti zitheka, poona ana omwe anasankhidwa chaka chapitacho. Ahedi anawaitanira mu ofesi n'kuwauza kuti lipoti la woyendera lija lawaononga: savala moyenera, satsata mapulani, amaphwanya lamulo la chiyankhulo. Anawauzanso, ndi nkhope yachisoni yomwe ankaisungira zochitika zotere, kuti iwo anayesetsa kuwanenera koma zinakanika. Amene anakwezedwa anali mnyamata wa ng'oma uja. Ahedi nawo analandira chiyamiko kuchokera ku Boma chifukwa cha ana osankhidwa omwewo.

Lolemba lotsatira aphunzitsi a masamu anafika belu likulira, osati lisanalire. Anavala malaya oyera ositidwa bwino, taye yomangidwa mpaka pakhosi. Ana omwe anabwera m'mamawa monga mwa chizolowezi anawapeza atakhala pakhonde, ndipo anangowadutsa. Analowa m'kalasi, analemba tsiku ndi mutu wa phunziro pabolodi, anadula mzere ndi rula, n'kuphunzitsa m'Chingerezi chokhachokha kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mtsikana uja atanena kuti sanamve, anabwereza mawu omwewo m'Chingerezi chomwecho. Atanenanso kuti sanamve, anayang'ana wotchi n'kupitiriza. Belu loweruka litalira anatuluka limodzi ndi ana.

Mapulani awo anasanduka chinthu chokongola. Mizere yofiira, mizere yabuluu, chilichonse pamalo pake. Ahedi ankawatenga kutionetsa enafe kuti titengere chitsanzo. Buku likati sabata ino ndi ya maperesenti, ankaphunzitsa maperesenti, kaya ana amva kaya sanamve, ndipo sabata yotsatira ankapita pa mutu wina. Ntchito ya m'makope ankaichonga ndithu, koma ankangoika chizindikiro cholakwa osasonyeza pomwe mwana wasochera.

Masana awo anawapezera ntchito ina. Mchimwene wawo anali ndi mapuloti kusikimu, ndipo anawagawirako. Tsiku lina ndinawatsatira kumeneko. Ndinawapeza m'matope mpaka m'mawondo, akuwokera mbande za mpunga pamodzi ndi akazi awo. Ndinaima pamphepete mwa ngalande.

"Adada, ana akukufunsani," ndinatero. Ndinali nditaphunzira kuwaitana monga anthu akumeneko.

"Ndinali nawo m'mawa."

"Mukudziwa zimene ndikunena."

Anaweramuka n'kupukuta manja pa kabudula.

"Madamu, ine anandiwongola. Ndinali wokhota, pano ndawongoka. Pali chimene ndikulakwa? Ndiuzeni, ndikonze."

"Anawo sanakulakwireni."

"Sanandilakwire. Koma ndikalowa m'kalasi muja ndimaona msomali uja. Ndikafuna kutsegula pakamwa kuti ndiwathandize, pakamwa pamakana." Analoza puloti. "Uwu ndikaupalira umandiyankha. Akazi angawa akhala m'nyumba yodontha moyo wawo wonse chifukwa ine ndinali kuthandiza ana a eni. Tsopano ndiwagulire malata."

Akazi awo sanadzutse mutu. Ndinabwerera.

Ndinayesa kupitiriza makalasi anga a masana, koma ana ankachepa sabata ndi sabata. Ankadziwa kuti Chichewa chokha sichingasankhitse munthu. Makolo nawo ataona kuti masana kusukulu kulibe masamu, anayamba kuwatuma kukainga mbalame m'minda mpunga utayamba kucha. Aphunzitsi ena, omwe kale ankachita manyazi kuweruka msanga, anapeza mtendere. Wina anayamba kupita ku Uliwa kukagula usipa wogulitsa. Wina ankasiyira kalasi mwana wamkulu kuti azilemba maina a olongolola. Sukulu yonse inakhala ngati yapuma mpweya womwe inaugwira nthawi yaitali, ndipo ahedi sanaone cholakwika chifukwa kaundula ankalembedwa tsiku lililonse.

Bambo ake a mtsikana uja anabwera kwa ahedi, chipewa chili m'manja, kudzafunsa chomwe chachitika. Anati mwana wawo akulira kunyumba, akuti masamu amusiya. Ahedi anawayankha kuti zamaphunziro azisiyire ophunzira, monganso iwo salowerera za mpunga. Mpunga womwe bamboyo anabweretsa m'kathumba anaulandira.

Mayeso atayandikira woyendera uja anabweranso kudzaona ngati munthu wake wasintha. Anakhala kumbuyo komwe kuja. Anaona taye, anaona mizere yofiira, anamva Chingerezi chosasakaniza. Ana anakhala duu, osafunsa funso ndi limodzi lomwe, ndipo iye anati limeneli ndiye khalidwe lofunika m'kalasi. Pamsonkhano wa aphunzitsi anawagwira dzanja aphunzitsi a masamu n'kutiuza kuti tione ubwino wa kudzudzula munthu mwachikondi. Iwo anati, "Yewo, bwana," kenaka anakonza msanga n'kunena kuti, "Zikomo."

Zotsatira zitabwera, okhoza analipo ndithu, ngakhale anachepa. Wosankhidwa panalibe. Mtsikana uja anakhoza, koma masamu anamugwetsa pansi pa mzere wa osankhidwa. Aka kanali koyamba pa zaka zambiri kuti sukuluyo isatumize mwana kusekondale.

Ahedi anaitanitsa msonkhano wa makolo pansi pa mango. Anaima atagwira m'chiuno n'kufotokoza kuti ana a masiku ano ndi aulesi, atsikana maganizo awo ali pa amuna, ndipo makolo a ku Wovwe amakonda mpunga kuposa sukulu. Anati aphunzitsi ake alibe mlandu, ndipo umboni wake ndi lipoti la ku Boma lomwe linayamikira kwambiri kaphunzitsidwe ka mu Sitandade 8. Wapampando wa komiti, nkhalamba yomwe inatsogolera kuumba njerwa zija, anaimirira n'kufunsa m'Chitumbuka funso limodzi: ngati kaphunzitsidwe kakhala bwino kuposa kale, bwanji ana akhala moipa kuposa kale? Ahedi anati funsolo likumveka ngati lotsutsa akuluakulu a ku Boma, ndipo anapempha nkhalambayo kuti ibwereze pang'onopang'ono kuti wapampando wa chipani, yemwe anakhala kutsogolo, amve bwino. Nkhalambayo inakhala pansi. Aphunzitsi a masamu anali pabenchi pafupi ndi ine, akuyang'ana nsapato zawo.

Mtsikana uja anabwereza. Chaka chachiwiricho chinayenda chimodzimodzi, ndipo sanasankhidwenso. Bambo ake anati fizi yobwerezera kachitatu alibe. Mtsikanayo anakwatiwa ndi munthu wina wogula mpunga, ndipo nthawi yomaliza kumuona anali pamsika ku Uliwa akuyeza mpunga ndi mbale, mwana ali kumbuyo. Anandipatsa moni mwaulemu m'Chichewa chabwino, anandifunsa za kusukulu, koma za aphunzitsi ake a masamu sanafunse.

Aphunzitsi a masamu aja anakwezedwa. Malipoti awiri abwino otsatizana anakwanira, ndipo anawapatsa uhedi pasukulu ina yaing'ono kumtunda. Pasukulu pathu panakonzedwa mwambo wotsanzikana. Makolo anaitanidwa koma anabwera ochepa, moti mabenchi anadzazidwa ndi ana a makalasi ang'onoang'ono. Mnyamata wa ng'oma uja anayimbitsa nyimbo. Ahedi analankhula nthawi yaitali. Anati munthuyu anamupeza ali wosalongosoka, koma mwa kuleza mtima anamuumba mpaka lero akukatsogolera anzake, ndipo ichi ndi chimene utsogoleri wabwino umabala. Atamaliza anauza ana kuti aombe m'manja, ndipo ataona kuti kuombako n'kofooka anawauza kuti abwereze.

Aphunzitsi a masamu atapatsidwa mpata woyankha, anaimirira, anathokoza boma, anathokoza ahedi, n'kukhala pansi. Katundu wawo ananyamulidwa pangolo tsiku lotsatira. Ndinamva kuti atapita kusukulu yatsopanoyo ankakhalabe masiku ambiri ku Wovwe kuyang'anira mapuloti awo, omwe anali atachuluka, ndipo a ku Boma sanapezepo chowadandaulira.

Sitandade 8 inatsala yopanda mphunzitsi wa masamu kwa teremu yathunthu. Ahedi anati poyembekezera kuti atitumizire wina, phunzirolo alitenga okha. Analilemba pandandanda pafupi ndi dzina lawo, ndipo ana ankakhala nthawi ya masamu akuwerenga okha buku, mmodzi ataima pakhomo kuyang'ana ngati kukubwera munthu. Ine ndinakhala pasukulupo chaka china chimodzi, kenaka ndinapempha kusamutsidwa, ndipo ananditumiza ku Dedza.